Funso la limiti la pa chithunzi: fewetsani kaye ndi aljebura, nambala ilowe pambuyo

Mnzanu wajambula pepala la mafunso ndi foni, wakutumizirani, ndipo pansi pa chithunzicho walemba kuti: "Ndikalowetsa 3 ndikupeza ziro pamwamba, ziro pansi. Yankho ndi ziro kapena ndi 1?" Mayankho awiri onsewo ndi olakwa. Wina amene angamuuze kuti funsolo lilibe yankho nayenso walakwa. Mukaona 0/0 pa funso la limiti, ndiye kuti ntchito sinayambe, ndipo 0/0 yemweyo ndi amene akukuuzani poyambira. Titenge funso limodzi, tiliyendetse kuchokera pa chithunzi mpaka pa yankho:

```
lim (x→3)  (x² − 9) / (x² − 5x + 6)
```

Sitepe yoyamba: koperani funso m'kope musanawerengere chilichonse

Ambiri amadumpha sitepe iyi, ndipo ndi pamene malikisi amathawira msanga. Chithunzi cha pepala chimanama. Pepala lapindika, mthunzi wa dzanja wagwera pakati, inki ya fotokope yazilala, ndiye chithunzicho chachepetsedwanso potumiza. Zimene zimayamba kusowa ndi tizinthu ting'onoting'ono: kanambala kokhala pamwamba pa x, chizindikiro chochotsera, ndi nambala ija yolembedwa pansi pa lim. Pa limiti, tizinthu timeneti ndi timene timasankha njira yonse.

Taonani funso lathu lomweli. Ngati −5x mwaiwerenga ngati +5x, pansi pakhala 9 + 15 + 6, kutanthauza 30, ndipo limiti ikhala 0/30, yomwe ndi ziro basi. Ngati 3 wa pansi pa lim mwamuona ngati 8, chifukwa manambala awiriwa amafanana chithunzi chikakhala chachimbuuzi, mupeza 55/30. Ngati mwamuona ngati 2, mupeza −5/0, ndipo imeneyo ndi nkhani ina, tiiona kutsogoloku. Funso limodzi, mayankho osiyanasiyana, musanalakwitse samu ngakhale imodzi.

Choncho kulitsani chithunzicho ndi zala, lembani funso lonse m'kope, ndipo poika pa mzere umodzi tsekerani za pamwamba m'mabulaketi awo, za pansi m'mabulaketi awonso. Mukalemba `x² − 9 / x² − 5x + 6` opanda mabulaketi, mwalemba samu ina, momwe 9 yekha ndiye akugawidwa ndi x². Ngati pali sikweya ruti, yang'anitsitsani pamene kamzere kake ka pamwamba kathera, chifukwa √(x + 5) ndi √x + 5 ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pamene simukutha kuwerenga bwino, uzani mwini wake ajambulenso pamalo owala, foni itayang'ana pepala molunjika. Kulosera sikuthandiza.

Pali kanthu kena kokuthandizani kudziwa ngati mwakopera bwino. Amene amalemba mafunso a mutu umenewu nthawi zambiri amafuna kuti mukumane ndi 0/0. Mukalowetsa nambala n'kupeza 55/30 mosavuta, pomwe funsolo lili ndi malikisi anayi kapena asanu, bwererani ku chithunzi. Si umboni wakuti mwalakwitsa, koma ndi chifukwa chokwanira choyang'ananso.

Sitepe yachiwiri: lowetsani nambala, koma ngati kuyesa chabe

Kunena kuti fewetsani kaye sikutanthauza kuti musayese nambala. Iyeseni pambali, m'mphepete mwa kope, kuti mudziwe mtundu wa funso limene muli nalo. Pamwamba: 3² − 9 = 0. Pansi: 9 − 15 + 6 = 0.

Kuyesa kotereku kumatulutsa chimodzi mwa zinthu zitatu. Pansi pakapanda kukhala ziro, pa samu za mtundu uwu mwamaliza, chimene mwapezacho ndiye limiti, ngakhale pamwamba patakhala ziro. Pansi pakakhala ziro koma pamwamba pali nambala ina, monga −5/0, palibe chofafaniza chimene chingakupulumutseni. Fulakishoniyo ikukula mopanda malire ndipo muyenera kuona mbali zonse ziwiri. Pakakhala ziro ponse pawiri, mwapeza mawonekedwe osatsimikizika, ndipo apa ndiye pofunika aljebura.

Ndikufuna tichedwepo pang'ono pa kusiyana kwa 5/0 ndi 0/0, chifukwa amene wamvetsa pamenepa savutikanso ndi mutu wonsewu. Tikanena kuti 6/2 = 3, tikutanthauza kuti 3 kuchulukitsa ndi 2 kumabweza 6. Tsopano 5/0 akufunsa kuti: ndi nambala iti imene tikaichulukitsa ndi ziro itipatsa 5? Palibe. Koma 0/0 akufunsa kuti: ndi nambala iti imene tikaichulukitsa ndi ziro itipatsa ziro? Iliyonse. 1 akukwana, 6 akukwana, −40 akukwananso. Vuto la 0/0 si kusowa kwa yankho, koma kuchuluka kwa manambala amene angakwane, moti mawonekedwewo paokha sangatiuze kuti ndi iti.

Mutha kudzionera nokha ndi tizitsanzo tinayi, tonse x akuyandikira ziro. Pa x/x limiti ndi 1. Pa 5x/x limiti ndi 5. Pa x²/x limiti ndi ziro. Pa x/x³, yomwe ndi 1/x², nambala ikungokwera osaima. Tonseti mukalowetsa ziro timaoneka 0/0. Chimene chikusiyanitsa ndi liwiro limene pamwamba ndi pansi pakuthamangira ku ziro, ndipo liwirolo limabisika mukangolowetsa nambala. Aljebura ndi amene amaliulula.

Pa pepala la mayeso musalembe kuti limiti = 0/0. Lembani mawu akuti kulowetsa x = 3 kukupereka 0/0, choncho tifewetsa. Wochonga akaona chizindikiro cha = patsogolo pa 0/0 amadziwa kuti mwatenga 0/0 ngati nambala.

Sitepe yachitatu: lolani ziroyo akuuzeni fakitala

Apa pali thandizo limene ophunzira ambiri saligwiritsa ntchito. Ngati samu ya mtundu wa x² − 5x + 6 yasanduka ziro mutalowetsa 3, ndiye kuti (x − 3) ndi fakitala yake. Si mwayi, ndi lamulo la aljebura. Ndipo popeza pamwamba ndi pansi ponse pasanduka ziro, (x − 3) ali ponse pawiri. Simukufufuza mumdima, theka la ntchito ya kufakitolaiza mwapatsidwa kale.

Pamwamba ndi kusiyana kwa masikweya awiri, x² ndi 3², ndiye x² − 9 = (x − 3)(x + 3). Pansi tikudziwa kale kuti bulaketi imodzi ndi (x − 3). Inayo iyenera kukhala ndi nambala imene ikachulukitsidwa ndi −3 ipereka +6, ndipo nambalayo ndi −2. Onani ngati pakati pakugwirizana: −3x ndi −2x pamodzi ndi −5x. Zagwirizana.

```
(x² − 9) / (x² − 5x + 6)
= (x − 3)(x + 3) / [(x − 3)(x − 2)]
= (x + 3) / (x − 2),   x ≠ 3
```

Ngati mwayesetsa koma (x − 3) sakutuluka, pali ziwiri: kapena mwalakwitsa poyesa nambala pa sitepe yachiwiri, kapena mwakopera molakwika. Ndipo pamene pali x³, monga x³ − 27, musataye nthawi kulosera mabulaketi. Gawani ndi (x − 3) mwa njira yaitali, chotsala chiyenera kukhala ziro, ndipo mupeza x² + 3x + 9.

Tsopano funso limene wophunzira woganiza bwino amafunsa, ndipo ndi funso loyenera: ngati (x − 3) ndi ziro pamene x ali 3, tikumufafaniza bwanji? Si kugawa ndi ziro kumeneko? Yankho lili m'tanthauzo la limiti. Limiti safunsa chimene chikuchitika x ali 3 ndendende. Imafunsa kumene fulakishoniyo ikulowera x akamayandikira 3: 2.9, 2.99, 2.999, kapena kuchokera kumtunda 3.1, 3.01, 3.001. Pa manambala onsewa (x − 3) ndi kanambala kochepa kwambiri, koma si ziro, ndipo kugawa ndi kanambala kochepa n'kololedwa. N'chifukwa chake talemba x ≠ 3 pambali. Zili ngati mlatho wa matabwa umene wasowa thabwa limodzi pakati: simungapondepo, koma mukayang'ana matabwa a mbali iyi ndi a mbali inayo mukudziwa bwinobwino msinkhu umene thabwa losowalo likanakhala. Pa girafu, samu yoyamba ndi yofewetsedwayo ndi mzere umodzi womwewo, kungoti yoyambayo ili ndi kabowo pa x = 3.

Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri pa sitepe iyi n'chofafaniza zinthu zosayenera. Munthu amaona x² pamwamba, x² pansi, n'kudula onse awiri. Amatsala ndi −9/(−5x + 6), n'kulowetsa 3, n'kupeza −9/−9, yomwe ndi 1. Choopsa chake n'chakuti yankholi ndi laukhondo, ndipo likugwirizana ndi maganizo olakwa aja akuti 0/0 ndi 1, ndiye munthu amadzuka pa desiki ali wokhutira. Lamulo ndi ili: timafafaniza zinthu zochulukitsana, osati zophatikizana kapena zochotserana. Yesani ndi manambala wamba. (4 + 2)/(4 + 8) ndi 6/12, theka. Mukadula ma 4 mupeza 2/8, kota. Mpaka pamene pamwamba ndi pansi pasanduka mabulaketi ochulukitsana, cholembera chisadule kanthu.

Sitepe yachinayi: tsopano lowetsani nambala

```
lim (x→3) (x + 3)/(x − 2) = (3 + 3)/(3 − 2) = 6
```

Zindikirani kuti mawu akuti lim amayenda nanu pa mzere uliwonse mpaka pamene mwalowetsa nambala, ndipo amachoka pa mzere umenewo. Mukawasiya msanga ndiye kuti mukunena kuti (x + 3)/(x − 2) ndi 6 nthawi zonse, zomwe si zoona. Mukawasunga mutalowetsa kale 3, mulibenso x woti ayandikire kalikonse.

Nthawi zina mukafafaniza n'kulowetsa, 0/0 amabweranso. Musadabwe, fakitalayo analipo kawiri. Pa (x³ − 3x + 2)/(x² − 2x + 1), x akuyandikira 1, kufafaniza (x − 1) kamodzi kumasiya (x² + x − 2)/(x − 1), yomwe ikadali 0/0. Bwerezani sitepe yachitatu, mutsala ndi x + 2, ndipo limiti ndi 3.

Sitepe yachisanu: tsimikizani ndi kalikuleta

Izi zimatenga mphindi imodzi. Tengani samu yoyambirira ija, osati yofewetsedwa, chifukwa mukufuna kugwira cholakwa chimene mwina mwachita pofewetsa. Lowetsani nambala yoyandikira 3 kuchokera mbali zonse ziwiri. Pa x = 3.01 mupeza pafupifupi 5.95, pa x = 2.99 pafupifupi 6.05. Mukayandikiranso, pa 3.001 mupeza 5.995 ndipo pa 2.999 mupeza 6.005. Mbali zonse zikupanikiza 6. Uja anapeza 1 akanachita izi, akanadziwa nthawi yomweyo kuti china chake chalakwika.

Mukalowetsa 3 weniweni, kalikuleta ikana; zambiri zimalemba `Math ERROR`. Sikuti limiti palibe, kungoti mwaponda pa kabowo kaja. Musapitirirenso muyeso poyandikira. Kalikuleta imasunga manambala owerengeka okha, ndiye mukalemba 3 ndi maziro ambirimbiri kenako 1, kuchotsera manambala awiri oyandikana kwambiri kumadya madijiti onse ofunika, ndipo chotuluka chimakhala chosadalirika. Malo awiri kapena atatu pambuyo pa kadontho ndi okwanira.

Nanga pa chithunzipo pakanakhala 2?

Tibwerere ku nkhani tinaisiya ija, chifukwa ndi imene imasokonezedwa kwambiri ndi 0/0. Samu yomweyo, koma x akuyandikira 2. Pamwamba 4 − 9 = −5, pansi ziro. Mutha kufafanizabe (x − 3), koma sizichotsa vuto, chifukwa amene akubweretsa ziro tsopano ndi (x − 2), ndipo alibe mnzake pamwamba woti afafanizike naye. Mutsala ndi (x + 3)/(x − 2). Pa x = 2.01 mupeza 5.01/0.01, yomwe ndi 501. Pa x = 1.99 mupeza 4.99/(−0.01), yomwe ndi −499. Mbali ya kumanja ikukwera mopanda malire, ya kumanzere ikutsika mopanda malire. Sizikumana, choncho limiti palibe. Kulemba ∞ yekha pamenepa n'kulakwa, chifukwa mwangoona mbali imodzi. Yang'ananinso pa chithunzi ngati pafupi ndi 2 pali kachizindikiro kakang'ono ka + kapena − pamwamba pake. Ngati kalipo, funso likufuna mbali imodzi yokha: 2⁺ ndi kumanja, yankho +∞, 2⁻ ndi kumanzere, yankho −∞. Kachizindikiro kameneka pa chithunzi kamaoneka ngati kachitsotso.

Pamene pali sikweya ruti

Masitepe ndi omwewo, chimene chasintha ndi chida cha pa sitepe yachitatu. Tengani funso ili:

```
lim (x→4)  (√(x + 5) − 3) / (x − 4)
```

Kuyesa: √9 − 3 = 0 pamwamba, ziro pansi. Tikudziwa kuti (x − 4) wabisala pamwamba, koma ruti wamutsekera. Chomutulutsira ndi konjugeti, kutanthauza samu yomwe ija ya ruti koma chizindikiro cha pakati chitatembenuzidwa: √(x + 5) + 3. Timachulukitsa nayo pamwamba ndi pansi pomwe, zomwe ndi chimodzimodzi kuchulukitsa ndi 1, ndiye mtengo wa fulakishoni sukusintha. Chifukwa chake zimagwira ntchito ndi lamulo lomwe tinagwiritsa pa x² − 9, kungoti tikuliyendetsa chobwerera: (a − b)(a + b) = a² − b². Ruti akachulukitsidwa ndi mwini wake amachoka.

```
pamwamba: (x + 5) − 9 = x − 4
pansi:    (x − 4)(√(x + 5) + 3)
chotsala: 1 / (√(x + 5) + 3)
x→4:      1 / (3 + 3) = 1/6
```

Chinsinsi chili pansipo: musatsegule mabulaketi. Dzanja limafuna kuchulukitsa chilichonse chimene laona, koma mukatsegula (x − 4)(√(x + 5) + 3) mukwirira fakitala amene mumafuna kufafaniza, ndipo mutsala ndi mzere wautali wopanda potulukira. Tsegulani mbali ya ruti yokha, inayo isiyeni momwe ilili. Kumbukiraninso kuti mukafafaniza zonse za pamwamba pamatsala 1, osati ziro. Potsimikiza, x = 4.01 akupereka pafupifupi 0.1666, ndipo 1/6 ndi 0.1667.

Ndipo apa ndi pamene kukopera bwino kuja kumaonekera phindu. Mukanawerenga √x + 5 − 3, pamwamba pakanakhala 4, n'kupeza 4/0, funso la mtundu wina.

Fulakishoni mkati mwa fulakishoni

Izi sizovuta, koma chizindikiro chimagwetsa anthu. Pa (1/x − 1/2)/(x − 2), x akuyandikira 2, yambani kuphatikiza tifulakishoni ta pamwamba kuti tikhale kamodzi: 1/x − 1/2 = (2 − x)/(2x). Tsopano muli ndi (2 − x) pamwamba ndi (x − 2) pansi. Awiriwa si ofanana; wina ndi mnzake wotembenuka, chifukwa 2 − x = −(x − 2). Akafafanizana amasiya −1. Chotsala ndi −1/(2x), ndipo limiti ndi −1/4. Amene waiwala chizindikirocho apeza 1/4, koma kalikuleta pa x = 2.01 ipereka pafupifupi −0.249 n'kumudzutsa.

x akamakula mopanda malire

Pansi pa lim pakalembedwa x→∞, palibe nambala yoti mulowetse, chifukwa ∞ si nambala. Ndi njira yachidule yonenera kuti x akungokula. Koma mawonekedwe osatsimikizika amabweranso, tsopano ngati ∞/∞ kapena ∞ − ∞, ndipo anthu amagwanso mofanana: amati ∞/∞ ndi 1, ∞ − ∞ ndi ziro.

Pa (3x² + 2x)/(5x² − 7), gawani chigawo chilichonse, pamwamba ndi pansi, ndi x wa pawa wamkulu kwambiri amene ali pansi, apa x². Mupeza (3 + 2/x)/(5 − 7/x²). x akamakula, 2/x ndi 7/x² zikuchepera ku ziro, ndipo limiti ndi 3/5. Uku sikufanana ndi kudula x² kolakwika kuja. Apa tagawa chigawo chilichonse, osasiyapo ngakhale 7.

Chitsanzo chimene ndimachikonda pa ∞ − ∞ ndi √(x² + 6x) − x. Maso amanena kuti 6x ndi wochepa poyerekeza ndi x², ndiye ruti ali ngati x, ndiye yankho ndi ziro. Yesani x = 1000: ruti wa 1006000 ndi pafupifupi 1002.9955, kuchotsa 1000 kutsala 2.9955. Si ziro. Ikani samuyo pamwamba pa 1, chulukitsani ndi konjugeti pamwamba ndi pansi, ndipo mupeza 6x/(√(x² + 6x) + x). Gawani ndi x. Mkati mwa ruti amalowa ngati x², ndiye mutsala ndi 6/(√(1 + 6/x) + 1). Limiti ndi 6/2, yomwe ndi 3, monga kalikuleta inalozera.

Pamene aljebura amalekezera

Si 0/0 aliyense amene amagonja ndi kufakitolaiza. Pa (sin x)/x, x akuyandikira ziro, palibe bulaketi yotulutsa, ndipo simungadule x kuti mutsale ndi sin. Limiti imeneyi ndi 1, imatsimikizidwa ndi jometiri ya bwalo, ndipo mumayenera kuidziwa pamtima. Imagwira ntchito x akakhala mu marediyani. Kalikuleta ikakhala pa madigiri mupeza pafupifupi 0.01745 n'kuyamba kukayikira buku. Aljebura amabwera pokonza funso kuti lifanane ndi limiti yodziwikayi: (sin 5x)/x ndi 5 × (sin 5x)/(5x), choncho limiti ndi 5.

Amene anafika kale pa difarensheshoni adzafunsa za lamulo la L'Hôpital, limene linasindikizidwa mu 1696 m'buku la kalikulasi la munthu wa ku France wa dzina limenelo, ngakhale amene analitulukira ndi mphunzitsi wake, Johann Bernoulli. Lamuloli limati pa 0/0 kapena ∞/∞ mutha kutenga derivativi ya pamwamba payokha ndi ya pansi payokha, n'kupeza limiti ya zotulukazo. Pa funso lathu loyamba limapereka 2x/(2x − 5), ndipo pa 3 ndi 6/1, yankho lomwe lija. Ndi njira yabwino yotsimikizira. Komabe ine ndimalangiza kuti aljebura akhale woyamba, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, mafunso ambiri a chiyambi cha kalikulasi amabwera musanaphunzire derivativi, ndipo ena amanena poyera kuti musagwiritse lamuloli; chiganizo chimenecho nthawi zambiri chimakhala pamwamba pa tsamba, pamene wojambula uja anadula. Mufunseni ngati pali malangizo ena pamwamba pa funsolo.

Chachiwiri, lamuloli likagwiritsidwa pamene palibe mawonekedwe osatsimikizika limapereka yankho labodza popanda kukuchenjezani. Pa (x + 1)/(x² + 1), x akuyandikira 1, kulowetsa kukupereka 2/2, limiti ndi 1. Wothamangira ku derivativi apeza 1/(2x), n'kulemba theka. Choncho ngakhale mutasankha njira imeneyi, sitepe yachiwiri ija, yoyesa nambala m'mphepete mwa kope, simungaidumphe, ndipo muyenera kuibwereza musanatenge derivativi kachiwiri.